Chifukwa chake masitepe a DAC amadya mafilikwensi apamwamba

Tengani DAC wamba, ija yopanda zambiri mkati, yongolandira nambala n'kutulutsa voteji, ikuyenda pa 48 kHz. Muipatse sayini ya 1 kHz ya msinkhu 1, muyeze chomwe chatuluka, mupeza pafupifupi 1 yemweyo. Nde osasintha china chilichonse muipatse sayini ya 20 kHz ya msinkhu womwewo, manambala ake olondola bwinobwino, koma mukayeza 20 kHz yotulukayo mupeza yafupika, yafika cha pa 0.74, kutanthauza kuti 2.64 dB yapita. Chipu sichinafe ayi, waya ali bwino, kodi yanu ilibe vuto. Chadya siginolo yanu ndi kachitidwe ka DAC komweko, kogwira nambala imodzi osaisiya mpaka ina ifike, komwe m'mabuku amati ziro-oda holodi, mwachidule ZOH. Kugwira kumeneku ndi komwe kumapangitsa voteji yotuluka kuoneka ngati masitepe.

Anthu ambiri amaganiza kuti vuto la masitepe aja ndi loti ndi okhakhala basi, ukangowasalaza ndi fyuluta siginolo yoyambirira ibwerera yonse. Apa mpomwe pali bodza. Kusalaza kumachotsa makona, koma 0.74 uja sabwerera pa 1, chifukwa kugwira nambala kuja pakokha ndi fyuluta kale, ndipo yadula zodula zake fyuluta yanu isanayambe n'komwe ntchito.

Kuti izi zimveke tiyambe ndi chomwe masampulo ali. Sampulo ndi mtengo wa siginolo pa kamphindi kamodzi, kopanda m'lifupi. Pa 48 kHz mtunda wa pakati pa sampulo ndi inzake, womwe timaulemba T, ndi 1/48000 ya sekondi, cha pa 20.83 µs, ndipo za pakati pamenepo manambala sakunena kalikonse. Aliyense wofuna kubweza siginolo yoyenda mosalekeza ayenera kusankha chojambula pakatipo. Njira zonse zomwe tikambe pano zimachita chinthu chimodzi: zili ndi chidindo cha shepu imodzi, zimadinda pa malo a sampulo iliyonse, kukula kwa chidindo kumatsata nambala ya sampuloyo, kenako zodinda zonse n'kuziphatikiza. ZOH chidindo chake ndi bokosi, lathyathyathya pamwamba, m'lifupi mwake T. Njira yangwiro chidindo chake ndi sinc. Kusiyana konse kwagona pa shepu imeneyi basi.

```
sinc(u) = sin(πu) / (πu)
x(t) = Σ x[n] · sinc((t − nT) / T)
```

Fomula imeneyi ndi yakale, Whittaker anailemba mu 1915, Kotelnikov anaifikira payekha mu 1933, ndipo Shannon ndi amene anaitchukitsa mu 1949. Zomwe imalonjeza ndi izi: ngati siginolo yoyambirira inalibe chilichonse kuyambira pa theka la fs, filikwensi yosampulira ija, kupita m'mwamba, pa ife 24 kHz, ndiye kuphatikiza ma sinc onsewo kumabweza siginolo yeniyeniyo, osati yoyandikira, yeniyeniyo, pa t aliyense. Shepu ya sinc ili ndi phiri pakati lofika pa 1, kenako imatsika n'kumadutsa pa ziro ndendende pa malo a sampulo ina iliyonse, uku ikukwera ndi kutsika pang'onopang'ono mbali zonse ziwiri. Nde pa nthawi ya sampulo yeniyeni anzake onse amakhala chete, imayankhula ndi iyo yokha, koma pakati pa masampulo aliyense amaponyapo kake, wapafupi kambiri wakutali pang'ono.

Tiyeni tigwire chitsanzo chimodzi mpaka chithe, chifukwa pali sayini ina yomwe imaulula zonse popanda kakyuleta yapamwamba. Sayini ya 12 kHz pa 48 kHz, ndiye kuti masampulo anayi pa kuzungulira kumodzi. Tiisunthe pang'ono kuti masampulo agwere pa madigiri 45, 135, 225 ndi 315. Manambala otuluka ndi +0.707, +0.707, −0.707, −0.707, n'kumabwereza choncho. Onani kuti palibe sampulo olo imodzi yomwe yagwira nsonga ya sayini, nsonga ija ya 1 ili pakatikati pa masampulo awiri oyamba, pomwe palibe anayeza.

Kodi sinc aipeza nsongayo? Tiime pakati pa masampulo awiri a +0.707. Onse awiri ali pa mtunda wa theka la T, ndipo sinc(0.5) ndi 0.637, nde awiriwa akupereka 2 × 0.707 × 0.637, yomwe ndi 0.900. Otsatira mbali zonse ali pa mtunda wa 1.5, onse ndi −0.707, koma sinc(1.5) nayo ndi negativu, −0.212, ndiye negativu ziwiri zikachulukitsana zimapereka +0.300, tafika 1.200. Ena awiri pa 2.5 akuchotsa 0.180, tatsikira pa 1.020. A pa 3.5 akuchotsanso 0.129, tili pa 0.892. A pa 4.5 akubwezera 0.100, 0.992, a pa 5.5 akuwonjezera 0.082, 1.074, ndipo zimapitirira choncho kudumpha uku ndi uku mpaka zikakhazikike pa 1 ndendende. Nsonga yomwe sinayezedwe yapezeka.

Koma taonani m'mene ikuchedwera kukhazikika. Tagwiritsa kale ntchito masampulo 12 ndipo tidakali kutali ndi 7 peresenti. Mchira wa sinc umazilala ngati 1/u, pang'onopang'ono kwambiri, nde ukaudula msanga umatsala ndi zolakwika zooneka. Vuto lachiwiri ndi lalikulu kuposa pamenepo: theka la masampulo omwe tagwiritsa ntchito ndi a kutsogolo, omwe pa makina oyenda laivi sanafike. Sinc yangwiro imafuna masampulo onse a m'mbuyo ndi onse a m'tsogolo mpaka kalekale, ndiye palibe seketi yomwe ingaipange. Zomwe anthu amachita ndi kuidula pa utali wina, kuisongola kumapeto ndi windo, n'kuvomera kuti siginolo izituluka mochedwa ndi theka la utali umenewo.

Tsopano manambala omwewo tiwapatse ZOH. Igwira +0.707 kwa T, igwirenso +0.707 kwa T ina, kenako igwe pa −0.707 kwa 2T. Chomwe chatuluka ndi sikweya wevu yeniyeni ya 12 kHz ya msinkhu 0.707, mwalowetsa sayini mwatulutsa sikweya. Ndipo sikweya wevu timaidziwa bwino kuchokera kwa Fourier: ili ndi sayini yoyamba ya msinkhu 4/π kuchulukitsa msinkhu wa sikweya, kenako ina pa filikwensi yochulukitsa katatu ya gawo limodzi mwa atatu, ina pa kasanu ya gawo limodzi mwa asanu, choncho choncho. Nde 4/π × 0.707 ndi 0.900. Pa 36 kHz pali 0.300, pa 60 kHz pali 0.180.

Apa mpomwe nkhani yonse yagona. Olo mutapeza fyuluta yangwiro, yodula chilichonse choposa 24 kHz osakhudza za pansi, mutsala ndi sayini yoyera bwino ya 12 kHz koma ya 0.900, osati 1. Ndi 0.91 dB yomwe yasowa. Inapita kuti? Mphamvu ya sayini ya msinkhu 1 ndi 0.5, mphamvu ya sikweya ya 0.707 nayonso ndi 0.5, ndiye ZOH sinataye mphamvu, yangoigawa molakwika. Sayini ya 0.900 ili ndi mphamvu 0.405, yomwe ndi 81 peresenti, ndipo 19 peresenti yotsalayo yakwera m'mwamba kukakhala pa 36 kHz, 60 kHz ndi kupitirira. Fyuluta yosalaza ija ntchito yake ndi kutaya zimenezo kumene, nde ikazitaya zapita.

Wina anganene kuti ndasankha dala fezi yoipa. Chabwino, sunthani sayiniyo kuti masampulo agwere pa 0, 1, 0, −1. Tsopano masitepe akufika pa 1 penipeni, pa sikirini akuoneka aatali kuposa sikweya ija, koma mukawerengera sayini ya 12 kHz yomwe ili mkati mwake mupeza 4/π × sin(45°), 0.900 yemweyo. Fezi imasintha maonekedwe a masitepe koma kuchepako sikusintha, kumangodalira filikwensi poyerekeza ndi fs. Ichi n'chifukwa chake kuyeza nsonga mpaka nsonga pa osilosikopu, masitepe asanasefedwe, kumanamiza. Nsonga za masitepe zimatsata manambala omwe munalowetsa, sizikuuzani msinkhu wa sayini yomwe itsale.

Lamulo la zonsezi limachokera ku shepu ya bokosi lija. Bokosi la m'lifupi T ukaliona kumbali ya mafilikwensi limakhala sinc, nde chodabwitsa n'choti sinc ikupezeka mbali zonse ziwiri koma m'malo osiyana. Pa njira yangwiro sinc ili mu nthawi ndipo mu filikwensi muli bokosi, lomwe likudutsitsa zonse za pansi pa fs/2 mofanana n'kutseka zonse za pamwamba. Pa ZOH zatembenuka, bokosi lili mu nthawi, sinc ili mu filikwensi.

```
|H(f)| = | sin(π f/fs) / (π f/fs) |
```

H(f) ndi gawo la msinkhu lomwe limatsala pa filikwensi f. Ikani f/fs = 1/4 mupeza 0.900 wathu uja. Ikani 1 kHz pa 48 kHz, kuchepa kwake ndi 0.006 dB, palibe angakuone. Pa 10 kHz ndi 0.63 dB, pa 20 kHz ndi 2.64 dB ija, ndipo pa 24 kHz penipeni, malire a Nyquist, H ndi 2/π, 0.637, kapena kuti 3.92 dB pansi. Nambala ya 3.92 imeneyi siisintha olo fs ikhale 8 kHz kaya 1 GHz, pa theka la fs ZOH imadya yomweyo. Pa 44.1 kHz ya ma CD, 20 kHz ili pafupi kwambiri ndi malire ndipo imagwa ndi cha pa 3.17 dB. Amene ali ndi Python atha kudzionera, `np.sinc` ili kale ndi π mkati ndiye osaiwonjezeranso:

```python
import numpy as np
f = np.array([1e3, 10e3, 12e3, 20e3, 24e3])
print(20*np.log10(np.sinc(f/48e3)))
```

Kumva kwake mosavuta n'koti kugwira nambala kwa nthawi T kuli ngati kutenga avereji pa windo ya m'lifupi T. Sayini yoyenda pang'onopang'ono siisintha kwenikweni mkati mwa windo imeneyo ndiye avereji siyiipweteka, koma yothamanga imakhala yakhota kale mkati momwemo, mbali ina ikufafaniza inzake. Ikafika pa f = fs kuzungulira kwathunthu kumakwana mu windo imodzi, avereji n'kukhala ziro, n'chifukwa chake H ili ndi maenje pa fs, 2fs, 3fs.

Tsopano za 36 kHz ndi 60 kHz zija. Mu chitsanzo chathu zikuoneka ngati mahamoniki, katatu ndi kasanu ka 12, koma zangochitika chifukwa 12 imalowa mu 48 ndendende. Zoona zake 36 ndi 48 − 12 ndipo 60 ndi 48 + 12. Awa ndi maimeji, makope a siginolo yanu omwe amabwera ndi kusampula komweko. Manambala +0.707, +0.707, −0.707, −0.707 sakudziwa ngati anachokera ku 12 kHz kapena 36 kapena 60, sayini zonsezi zimadutsa pa madontho omwewo, nde mndandanda wa masampulo uli nazo zonse, pa k·fs ± f. Intapoleshoni yangwiro imasankha ya pansi yokha n'kupha zina zonse. ZOH imangozifooketsa ndi H(f) yomweyo, aliyense malinga ndi pomwe wagwera pa sinc.

Ndipo pali kachidule kokoma apa. Mu fomula ya H(f) ija mbali ya pamwamba, sin, imakhala yofanana kukula pa f ndi pa maimeji ake onse, chosiyana ndi cha pansi chokha. Nde imeji yoyamba poyerekeza ndi siginolo yomwe mukuifuna ndi f/(fs − f) basi. Pa 12 kHz ndi 12/36, gawo limodzi mwa atatu lija. Pa 1 kHz ndi 1/47, kutanthauza 33 dB pansi, chifukwa 47 kHz yagwera pafupi ndi dzenje la pa 48. Pa 20 kHz zinthu zavuta, imeji ili pa 28 kHz ndipo ndi 20/28, yangotsika ndi 2.9 dB yokha. Kotero ZOH imalakwa kawiri pa malo amodzi, kumtunda kwa bandi siginolo yanu ikufooka pomwe imeji yake ikukula n'kumayandikira.

Izi zimaoneka ndi maso. Ikani 23 kHz pa DAC yomweyo yokhala ndi fyuluta yofooka kutsogolo, pa osilosikopu muona sayini yomwe msinkhu wake ukufufuma ndi kuphwa ka 2000 pa sekondi, ngati wina akuseweretsa voliyumu. Ambiri amathamangira kukayang'ana kodi kuti mwina tebulo la sayini lalakwika. Si tebulo ayi, ndi 23 kHz ndi imeji yake ya 25 kHz, ya msinkhu 23/25 wa inzake, zikumenyana, ndipo kusiyana kwawo ndi 2 kHz ija. Njira yozindikirira imeji pa sipekitiramu ndi yophweka: kwezani filikwensi ya siginolo pang'ono. Hamoniki imakwera nayo limodzi, imeji ya fs − f imatsika kubwera kudzakumana nayo. Pa 10 kHz mizere muipeza pa 38 ndi 58 kHz, manambala omwe si ochulukitsa a 10, pompo mwadziwa kuti si ampulifaya yomwe ikupinda siginolo.

Kugwa kwa mafilikwensi apamwamba nako kuli ndi mayeso ake, chifukwa fyuluta ya analogi kapena kapasita ya pa waya ingathenso kuchita zofanana. Sinthani fs. Ngati kugwako n'kwa ZOH kumasamuka limodzi ndi koloko, pa kota ya fs muzipeza 0.91 dB nthawi zonse, pa 0.4 ya fs muzipeza 2.42 dB. Ngati kwakakamira pa ma Hz omwewo olo koloko yasintha, olakwa ali ku analogi. Nthawi zambiri zimakhala zonse ziwiri zitasanjikizana, nde chotsani kaye gawo la sinc powerengera, chotsalacho ndiye cha seketi yanu.

Anthu ena akamva zonsezi amati basi tilumikize madontho ndi mizere yowongoka, masitepe achoke. Pa maso zimaoneka bwino zedi, koma pa kugwa kuja mwaonjeza vuto. Chidindo cha mizere yowongoka ndi thirayango ya m'lifupi 2T, ndipo mu filikwensi imeneyo ndi sinc kuchulukitsa sinc, ndiye ma dB onse aja awirikiza: pa 12 kHz 1.82 dB, pa malire 7.84 dB. Bwererani ku chitsanzo chathu muone, mzere wowongoka pakati pa +0.707 ndi +0.707 ndi wathyathyathya, nsonga ya 1 ija siikuyandikira n'komwe. Phindu lake ndi loti maimeji amafooka kwambiri, imeji ya 36 kHz imakhala 1/9 m'malo mwa 1/3.

Nde mankhwala enieni ndi ati? Oyamba ndi kukweza dala mafilikwensi apamwamba manambala asanalowe mu DAC, fyuluta yomwe pa madetashiti mumaiona italembedwa `inverse sinc` kapena `x/sin(x)`. Yaing'ono kwambiri ili ndi matapu atatu okha:

```
y[n] = −x[n−1]/16 + 9·x[n]/8 − x[n+1]/16
```

Pa filikwensi ya ziro matapu atatuwa akaphatikizana amapereka 1, ndiye za pansi sizikhudzidwa. Pa 10 kHz imakweza ndi 1.093, kuchulukitsa ndi 0.930 ya ZOH mupeza 1.016, yapitirira pang'ono ndi 0.14 dB. Pa 20 kHz imakweza ndi 1.233, kuchulukitsa 0.738, mupeza 0.910, ndiye 2.64 dB ija yatsika kufika pa 0.82 dB. Pa matapu atatu si zoipa, mukafuna kuwongoka kwambiri muonjezera matapu. Koma pali mtengo wake. Sayini yodzadza ya 20 kHz tsopano ikufuna manambala ofika 1.233, DAC ilibe malo amenewo, nde muyenera kutsitsa siginolo yonse ndi pafupifupi 2 dB apo ayi idulidwa nsonga, ndipo kudulidwa nsonga n'koipa kuposa kugwa komwe mumathawa. Chinanso chomwe ambiri amaiwala, chilichonse chomwe mwachita ku manambala chimakopedwa ku maimeji. Mukakweza 20 kHz ndi 1.233 mwakwezanso 28 kHz ndi 1.233, kusiyana kwa 2.9 dB kuja kuli pomwepo.

Ndipo 28 kHz imeneyo kuichotsa ndi analogi yokha ndi chintchito. Kuchoka pa 20 kufika pa 28 ndi pafupifupi theka la okitevu, ndipo fyuluta ya mtundu wa Butterworth pa mtunda umenewo imapereka cha pa 2.9 dB pa oda iliyonse. Kuti imeji itsike ndi 60 dB mukufuna oda ya cha m'ma 20. Mitundu ina yakuthwa ngati eliputiki imachita ndi oda yocheperapo, koma imabwera ndi mafunde mu bandi ndi fezi yokhota kumapeto, komanso zida zake ziyenera kukhala zolondola kwambiri.

Mankhwala achiwiri, omwe kwa ine ndi amene anathetsadi nkhaniyi, ndi ovasampulingi. Maganizo ake ndi oti ntchito ya sinc ichitikire ku manambala komwe ndi yotchipa komanso yolondola, ZOH ipatsidwe ntchito yochepa. Mumalowetsa maziro pakati pa masampulo, tinene asanu ndi awiri pakati pa awiri aliwonse kuti fs ikwere ka 8 kufika 384 kHz, kenako mumadutsitsa pa fyuluta ya dijito yaitali, yomwe kwenikweni ndi sinc yodulidwa ija. Imeneyo imadzaza maziro aja ndi mitengo yoyenera n'kupha maimeji a pa 28 kHz, 68 kHz ndi anzawo asanafike ku DAC. ZOH ikadalipo, masitepe akadalipo, koma tsopano ndi afupiafupi ka 8, ndipo 20 kHz poyerekeza ndi 384 ndi kanthu kochepa: kugwa kwake ndi 0.04 dB, imeji yoyamba ili kutali pa 364 kHz ndipo ZOH yokha yaitsitsa kale ndi 25 dB. Fyuluta ya analogi ya oda 2 kapena 3 imamaliza zotsalazo mosavutikira. Olo ka 4 kokha, 192 kHz, kugwa kumatsika kufika 0.16 dB. Lamulo lake n'loti mukawirikiza fs kawiri ma dB a kugwa amachepa pafupifupi kanayi. Njira imeneyi si yatsopano, makina oyamba a CD a Philips kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 ankakweza kale 44.1 kHz ka 4 kufika 176.4 kHz, ndipo ma DAC a mawu a masiku ano a mtundu wa delta-sigima amakweza ka 64 kapena kuposa. N'chifukwa chake mukayesa mayeso a 20 kHz aja pa kadi ya saundi ya kompyuta simuona 2.64 dB, koma pa DAC ya mkati mwa maikulokontirola kapena pa jenereta ya DDS, yopanga siginolo kuchokera ku tebulo la manambala, muipeza ili phee.

Chenjezo limodzi apa: kukweza fs pongobwereza sampulo iliyonse ka 8, ngati `np.repeat(x, 8)`, si ovasampulingi yomwe tikunena. Mwangomanga bokosi lakale lomwe lija la m'lifupi T ndi timabokosi 8, masitepe otuluka ndi omwewo ndendende, kugwa ndi maimeji zonse zili m'malo mwake.

Fyuluta ya dijito ija ilinso ndi msampha wake womwe chitsanzo chathu chaulula kale. Masampulo anali 0.707 koma siginolo yeniyeni inafika 1, kusiyana kwa 3 dB. Nde wina akatenga fayilo imeneyo n'kuikweza mpaka masampulo afike pa 1, poganiza kuti mita ikuonetsa kuti malo alipo, intapoleshoni ikadzaza pakati ifuna 1.414, ndipo ngati fyuluta kapena DAC ilibe malo osungira idula nsonga. Mita yoyang'ana masampulo okha siiona zimenezi, pamafunika ija yomwe imayamba yakweza fs kenako n'kuyeza.

Chatsala ndi nthawi. Bokosi la ZOH limayamba pa nthawi ya sampulo n'kutha T patsogolo, pakati pake pali pa T/2, ndiye siginolo yonse imatuluka itachedwa ndi theka la sampulo, pa 48 kHz ndi 10.4 µs. Mu fezi ndi madigiri 180 × f/fs, pa 12 kHz madigiri 45, pa 20 kHz madigiri 75. Manambalawa akuoneka oopsa koma kuchedwako n'kofanana pa mafilikwensi onse, shepu ya siginolo siipindika nako, ndiye kwa womvera nyimbo palibe kanthu. Kumapweteka pawiri. Koyamba ndi pamene mukuyerekeza zotuluka ndi siginolo yoyambirira kuti muone kulakwa kwake, mukaiwala kusuntha ndi T/2 kulakwa komwe mupeze kukhala kwakukulu kwambiri kuposa kwenikweni, pa mafilikwensi apansi pafupifupi konse kumakhala kwa kuchedwako osati kwa kugwa.

Kwachiwiri ndi mu makontirola, komwe zotuluka mu DAC kapena PWM, njira yoyatsa ndi kuzimitsa voteji mothamanga, zimakayendetsa mota kapena hita n'kubwereranso kudzera pa sensa. Kumeneko kuchedwa kulikonse kumadya fezi majini, madigiri omwe atsala lupu isanayambe kugwedezeka. Lupu yoyenda pa 1 kHz yomwe geni yake imadutsa pa 1 pa 100 Hz imataya madigiri 18 chifukwa cha ZOH yokha, pomwe kugwa kwa msinkhu pa filikwensi imeneyo ndi 0.14 dB chabe, kosadetsa nkhawa. Ngati munapanga kontirola papepala ngati ya analogi ndi majini ya madigiri 45, pa bodi mwatsala ndi 27, ndipo ngati purosesa imatulutsa yankho pa sampulo yotsatira mwaonjezera T yathunthu, madigiri ena 36, majini yatha lupu yayamba kugwedezeka. Apa fyuluta yaitali ya sinc singathandize, ingoonjezera kuchedwa kwa masampulo ambirimbiri, n'chifukwa chake a makontirola amakhala ndi ZOH yawo momwemo, n'kuilowetsa mu masamu kuyambira pachiyambi, mu MATLAB ndi `c2d(G, T, 'zoh')`, kapena kukweza fs kuti ikhale ka 20 kaya ka 30 kuposa filikwensi yodutsira ija, pomwe ZOH imangodya madigiri 9 kapena 6.